Phala la mwana wakhanda: kalimbidwe kake, kaphikidwe ndi kuziziritsa kwake

Tsamba lino lalembedwera inu amene mumaphikira mwana wa miyezi 6 mpaka 12 m'makomboni a m'mafamu a ku Trelawney ndi madera oyandikana nawo monga Banket ndi Darwendale, m'chigawo cha Mashonaland West. Kaya ndinu mayi, bambo, agogo kapena mchemwali wa mwanayo amene mumatsala naye makolo akapita ku fodya, nkhani yake ndi imodzimodzi. Phala, limene anzathu olankhula Chishona amalitcha bota, ndicho chakudya choyamba cha ana ambiri kuno, ndipo pali cholakwa chimodzi chimene chimachitika m'nyumba zambiri popanda wochizindikira. Phala likapsa, mwana akulira ndipo nthawi ya ntchito yakwana, wophika amathiramo madzi ozizira kuti lipole msanga. Madzi amenewo amawononga zinthu ziwiri nthawi imodzi: amasungunula chakudya chimene mwana akanadya, ndiponso amabwezera m'phalamo tizilombo timene moto unali utapha kale. Zimene zili m'munsimu zikufotokoza mmene mungaphikire phala lolimbirako, kulipsetsa mokwanira, ndi kuliziziritsa osathiramo kanthu.

Kodi mwana ayambe liti kudya phala?

Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira, ndipo Unduna wa Zaumoyo ndi Chisamaliro cha Ana m'Zimbabwe umaphunzitsa chimodzimodzi. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe kulandira chakudya china, koma apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Pa msinkhu umenewu ana ambiri amakhala atayamba kulimbitsa khosi, kukhala pansi mothandizidwa, ndi kutsegula pakamwa supuni ikayandikira.

Masiku oyambirira mpatseni masupuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri pa tsiku. Muziwonjezera pang'onopang'ono kufikira atamamaliza theka la kapu pa chakudya chimodzi. Kapu imene ikunenedwa m'tsamba lino ndi ya mamililita 250, yonga makapu a tiyi a pulasitiki kapena achitsulo amene amapezeka m'nyumba zambiri. Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo wa miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi.

N'chifukwa chiyani phala lamadzimadzi silikwanira?

Mimba ya mwana wa miyezi 8 imalandira chakudya chosakwana kapu imodzi pa nthawi imodzi. Ikadzaza, yadzaza, kaya mwalowa chakudya kapena madzi. Ufa wa chimanga uli ndi khalidwe lakuti ukapsa umafufuma ndi kumwa madzi ambiri, motero ufa wochepa kwambiri umatha kudzaza mbale yonse. Mwana akamwa phala lotere amakhuta, amagona, ndipo aliyense amaona ngati wadya, chikhalirecho wangomwa madzi oyera ndi ufa.

Tiyeni tiyerekeze mbale ziwiri, iliyonse ya theka la kapu. M'mbale yoyamba muli phala lamadzimadzi, lophikidwa ndi ufa wosakwana supuni yaikulu imodzi. Mphamvu imene mwana angapezemo ndi makalori pafupifupi 25. M'mbale yachiwiri muli phala lophikidwa ndi masupuni aakulu awiri a ufa, supuni imodzi ya nsinjiro ndi theka la supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Mphamvu yake ndi makalori oposa 100. Mwana woyamwa wa miyezi 6 mpaka 8 amafunika makalori pafupifupi 200 pa tsiku ochokera ku chakudya chowonjezera. Mbale ziwiri za phala lachiwirilo zikukwanira, pamene za phala loyambalo zingafunike zisanu ndi zitatu, ndipo palibe khanda limene lingamalize mbale zochuluka chomwecho pa tsiku.

Njira yodziwira ngati phala lalimba mokwanira ndi yapafupi. Tapani phala ndi supuni, kenaka ipendeketseni. Phala loyenera limakangamira kaye pa supuni, ndiyeno n'kugwa pang'onopang'ono ngati chibumbwa chimodzi. Likayenderera ngati thobwa, ndi lamadzi. Phala limene lingadutse m'botolo la mwana kapena limene mwana angamwe m'kapu ndi lamadzi mopitirira. Ngati supuni ikuima chilili m'mbale ngati yabayidwa mu nsima, ndiye kuti lalimbitsa kwa mwana wongoyamba kumene.

Yesani kalimbidweka phala litapola, osati lili pamoto. Phala la chimanga limalimba likamazizira, motero limene likuoneka lofewa m'poto lidzakhala lolimbirako pofika m'mbale ya mwana.

Kalimbidwe kasinthe mwana akamakula

Pa miyezi 6, chakudya chikhale chosalala, chopanda timibulu, koma cholimbirako monga tafotokozera. Pa miyezi 7 ndi 8 siyani kusefa. Dzungu, mbatata, nthochi yakupsa kapena peyala muzingozinyenya ndi foloko kapena kumbuyo kwa supuni, kusiya timibulu tofewa timene timaphwanyika mukatipana pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kuyesa ndi zala kumeneku ndiko muyeso wabwino: chimene chikuphwanyika mosavuta pakati pa zala zanu, mwana angachiphwanye ndi nkhama zake ngakhale alibe mano.

Kuyambira miyezi 9 mpaka 11 mwana alandire zakudya zoduladula tizidutswa ting'onoting'ono, komanso zimene angagwire yekha, monga kachidutswa kotalika ngati chala ka mbatata yophika bwino. Akakwanitsa chaka angadye chakudya cha banja lonse, nsima yofewa ndi ndiwo zoduladula. Musachedwetse timibulu poopa kuti mwana atsamwa. Ana amene amafika miyezi 10 akudya zosefa zokhazokha nthawi zambiri amadzavuta kulandira zakudya zotafuna pambuyo pake.

Pali zakudya zina zimene zimatsamwitsa ana aang'ono, ndipo zisaperekedwe mmene zilili: mtedza wathunthu, chimanga chokazinga kapena chootcha, nyemba zosanyenya, nyama yolimba, nsomba ya minga, ndi chiponde chotapa pa supuni chokhachokha, chifukwa chimamata kukhosi. Chiponde, chimene m'masitolo a kuno mumachimva ndi dzina lakuti dovi, chisungunulidwe m'phala lotentha.

Kaphikidwe ka mbale imodzi

Muyeso uwu ndi wa chakudya chimodzi cha mwana wa miyezi 7 kapena 8. Mufunika masupuni aakulu awiri a ufa, osadzaza mpaka kupanga phiri, kapu imodzi ya madzi, supuni yaikulu imodzi ya nsinjiro zosefa, ndi theka la supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Ufa wa mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, chifukwa pokonola chimanga mtima wake, umene uli ndi mafuta ndi zomanga thupi, umapita ndi madeya. Ufa wa mapira kapena wa mawere nawonso ndi wabwino.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo. Ngati mwachokera ku munda wa fodya, sambani mpaka m'zigongono ndipo musinthe malaya musanagwire chakudya kapena mwana. Utomoni wa masamba a fodya, makamaka onyowa, uli ndi nikotini amene amalowa ngakhale pakhungu, ndipo pamasambapo pamakhalanso mankhwala opopera. Madzi ophikira asasungidwe m'chigubu chimene munali mankhwala a mbewu, ngakhale chitatsukidwa kangati.

Sungunulani ufa ndi nsinjiro m'madzi ozizira pang'ono ochokera m'kapu ija, kuti pasakhale mibulu ya ufa wosapsa. Madzi otsalawo awire m'kapoto kakang'ono, ndipo akawira thiranimo ufa wosungunulawo uku mukutakasa ndi mthiko. Phala likayamba kubwata, chepetsani moto, vindikirani mosatsekeratu, ndipo libwate kwa mphindi 10 mpaka 15, mukulitakasa kawirikawiri kuti lisapserere pansi. Mphindizi muziwerenga kuyambira pamene layamba kubwata, osati pamene mwaika poto pamoto. Phala lakupsa limasiya kununkha ufa, limawala pamwamba, ndipo mukalilawa silikhala ndi timchengamchenga pa lilime. Mafuta athireni kumapeto.

Ngati mukuthira dzira, limenyeni kaye m'kapu, lithireni m'phala likubwata, ndipo mutakase kwa mphindi zina zitatu kapena zinayi kufikira palibenso chamadzimadzi chooneka. Kapenta wa ku Kariba nthawi zambiri amaumitsidwa ndi mchere, choncho mutsukeni bwino, muumitseninso, mumukazinge popanda mafuta, mumusinje ndi kumusefa. Supuni yaing'ono imodzi ya ufa wa kapenta iphikidwe pamodzi ndi phala kuyambira pachiyambi. Masamba a nkhwani kapena bonongwe aphikidwe mpaka kufewa, asinjidwe, ndipo alowe m'phala lisanaphulidwe.

Mtedza wa nsinjiro usankhidwe umodziumodzi. Tayani wonse wonyala, wakuda, wobooka, wa chuku kapena wowawa. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni amene safa ndi moto, ndipo amawononga chiwindi. Musathire mchere kapena shuga m'phala la mwana wosakwana chaka. Uchi ndiwo usayerekezedwe n'komwe kufikira atakwanitsa chaka, chifukwa nthawi zina umakhala ndi njere za tizilombo timene timafooketsa minofu ya khanda mpaka kulephera kupuma.

Phala likalimbitsa, mungalifewetse bwanji?

Ngati phala lalimba kuposa mmene mwana angamezere, pali njira zitatu zolifewetsera popanda kulisungunula ndi madzi a m'ndowa. Yoyamba ndi mafuta kapena chiponde pang'ono, zimene zimafewetsa phala uku zikuwonjezera mphamvu. Yachiwiri ndi mkaka wa m'mawere wofinyidwa nthawi yomweyo m'kapu yoyera, umene muuthire phala litapola kale ndipo mwana adye pomwepo.

Njira yachitatu ndi chimera, chomwe chija mumaphikira thobwa kapena mahewu. Mbewu ikamera imapanga mphamvu ina imene imaswa ufa wopsa, ndipo phala lolimba limafewa lokha popanda kuwonjezera dontho la madzi. Phulani phala, lisiyeni kwa mphindi zochepa kuti ukali wa moto uchepe, thiranimo kansinsi ka ufa wa chimera wosefa, kosapitirira theka la supuni yaing'ono, ndipo takasani. Pakapita mphindi zingapo mudzaona likufewa. Mukathira chimera phala likubwata, mphamvu ija imafa ndipo sichigwira ntchito. Likafewa, libwezereni pamoto kuti libwatenso kwa mphindi zingapo, popeza chimera n'chosaphika ndipo chingakhale ndi tizilombo.

Miyeso itatu ya kutentha

Pali manambala atatu oyenera kuwadziwa, ngakhale kuti m'nyumba zambiri mulibe kachipangizo koyezera kutentha. Woyamba ndi madigiri 70. Chakudya chikatentha kufika pamenepa paliponse, mpaka pakati penipeni, tizilombo tambiri toyambitsa kutsegula m'mimba timafa. Kumalo okwera ngati ku Trelawney madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, choncho phala limene labwata lonse kwa mphindi zingapo ladutsa kale muyeso umenewu. Chizindikiro chanu ndi thovu lophulika pakati pa poto, osati m'mbali mokha.

Wachiwiri ndi madigiri 60. Chakudya chikazizira kutsika pamenepa, tizilombo timayamba kuswana, ndipo timaswana msanga kwambiri chakudya chikakhala chofunda ngati thupi la munthu. Kuswanaku kumachepa kwambiri pokhapokha chakudya chikazizira kufika pa madigiri 5, monga mu firiji. N'chifukwa chake malangizo a chitetezo cha chakudya amati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala ndi bwino kusadikira n'komwe kuti maola awiriwo akwane.

Wachitatu ndi madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Apa ndi pamene phala liyenera kufika lisanalowe m'kamwa mwa mwana. Munthu wamkulu amamwa tiyi wotentha kwambiri osamva kanthu chifukwa anazolowera ndipo amadziwa kupsontha pang'onopang'ono. Khanda lili ndi khungu lopyapyala, silidziwa kulavula msanga, ndipo phala limamata m'kamwa ndi pachibwano, n'kumapitiriza kuwotcha pamene madzi akanayenderera n'kuchoka.

Ntchito yanu tsono ndi kutsitsa phala kuchoka pa kubwata kufika pa kufunda mwamsanga, ndi kudyetsa mwana nthawi yomweyo.

Kuziziritsa phala

Phala lolimbirako limasunga moto nthawi yaitali kuposa lamadzi, ndipo silizizira mofanana. Pamwamba pamachita kachikopa kozizira, pamene pansi pake pakadali moto. Ana ambiri amapsa chifukwa wodyetsa anakhudza pamwamba, n'kumva kuti lapola, kenaka n'kumiza supuni mpaka pansi.

Musasiye phala m'poto kuti lipole, chifukwa poto ndi wakuya ndipo nayenso ndi wotentha. Pakulani muyeso wa mwana m'mbale yoyera, yotambalala, ndipo mulimwaze ndi supuni kuti likhale lopyapyala, losapitirira kunenepa kwa chala. Thirani madzi ozizira m'beseni, ochepa moti sangalowe m'mbale, ndipo mukhazike mbaleyo pamadzipo. Mbale yachitsulo imatulutsa moto msanga kuposa yapulasitiki. Takasani kawirikawiri, kuchokera m'mbali kupita pakati, ndi kuchokera pansi kupita pamwamba. Madzi a m'beseni akafunda, atayeni ndi kuthira ena. Theka la kapu ya phala loziziritsidwa motere kawirikawiri limafika poyenera m'mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono. Ngati mungachokepo, vindikirani ndi mbale ina yoyera kuti ntchentche ndi fumbi zisagweremo.

Madzi a m'beseni angakhale a pachitsime kapena a pa mjigo, chifukwa sakhudza chakudya. Madzi olowa m'phala lophika kale ndi nkhani ina. Madzi a m'damu la pafamu, a m'chitsime chosavindikira, ngakhale a pa mjigo amene akhala m'ndowa imene anthu amatungamo ndi kapu yogwiridwa ndi manja ambiri, angakhale ndi tizilombo ngakhale akuoneka oyera. Kolera, amene anavuta m'Zimbabwe muno mu 2008 ndi 2009 ndiponso mu 2023 ndi 2024, amayenda m'madzi otere. Ngati pafunikadi madzi, akhale owiritsa, ndipo athiridwe phala lili pamoto.

Musauzire phala ndi pakamwa, ndipo musalowetse supuni ya mwana m'kamwa mwanu. Malovu a munthu wamkulu amanyamula tizilombo towoletsa mano ndi ta matenda ena. Musamutafunire mwana chakudya. Ngati wotafunayo ali ndi zilonda m'kamwa kapena nkhama zotuluka magazi, angapatsire mwana matenda, kuphatikizapo kachilombo ka HIV.

Kuyesa musanadyetse

Takasani komaliza, tapani phala la pakati pa mbale, la pansi penipeni, ndipo mudonthetse pang'ono kunsi kwa mkono wanu, pamfundo ya dzanja pamene khungu ndi lofewa. Likhale pamenepo mukuwerenga mpaka zisanu. Ngati mukungomva kufunda pang'ono, kapena simukumva kutentha kapena kuzizira, lafika. Ngati mukufuna kulipukuta msanga, likadali lotentha. Musayese ndi nsonga za zala. Zala za munthu wolima, wothyola fodya ndi wogwira miphika ya pamoto zimakhala ndi zikang'a ndipo sizimva moto mmene m'kamwa mwa khanda mungamvere. Ngati mukufuna kulawa, tengani supuni ina ndipo musaibwezerenso m'mbale.

Podyetsa, mwana akhale tsonga pamiyendo panu, osati chagada. Tapani kuchokera m'mphepete mwa mbale, kumene kumazizira msanga, ndipo muzipereka pang'onopang'ono, kudikira kuti ameze. Mbata, dzungu ndi zina zophika zathunthu zimasunga moto pakati, choncho zinyenyeni kaye musanaziyese. Poto ndi mbale yotentha zikhale patali ndi pamene mwana angafike, ndipo musatakase phala pamoto mwana ali m'manja.

Phala lotsala

Phala limene mwana wasiya m'mbale yake lisasungidwe. Supuni imene yalowa m'kamwa mwake yabweretsa malovu m'mbalemo. Mwina munaonapo kuti phala lotsala limasanduka lamadzi pakapita kanthawi: amenewo ndi malovu akuswa ufa, ndipo tizilombo ta m'kamwa talowanso momwemo. Lidyedwe ndi wamkulu nthawi yomweyo kapena litayidwe.

Phala lotsala m'poto, limene silinakhudzidwe ndi supuni ya mwana, lingatenthetsedwenso kamodzi kokha, ngati sipanapite maola awiri chiliphikireni. Libwate lonse, kenaka liziziritsidwe monga poyamba. Kungolifunditsa pambali pa moto n'koopsa kuposa kulisiya lozizira. Ambiri amaganiza kuti phala la m'mawa likawiritsidwanso madzulo lakhala labwino, koma si choncho nthawi zonse. Mu ufa mumakhala njere za mtundu wina wa tizilombo zimene zimapirira kuwira. Phala likakhala maola ambiri lili lofunda, njerezo zimadzuka, zimaswana, ndipo zimatulutsa poizoni amene safa ngakhale muwiritsenso. Phala lotere silisintha fungo kapena maonekedwe, koma mwana angayambe kusanza patangopita maola ochepa atadya. Ngati muli ndi firiji, kumbukirani kuti magetsi akazima kwa maola ambiri chakudya cha mwana chimene chinali mmenemo sichilinso chodalirika.

Chitsanzo: tsiku la kuthyola fodya

Tiyerekeze mayi wa mwana wa miyezi 8, m'mwezi wa Januwale, amene ayenera kukhala ali kumunda 6 koloko m'mawa ndipo amabwerako masana. Mwana amatsala ndi agogo ake. Chizolowezi chake n'chakuti amaphika poto wodzaza 5 koloko, kuthira madzi ozizira m'gawo loyamba kuti mwana adye msanga, ndi kusiya lotsalalo pafupi ndi mafuwa kuti agogo adzapereke 10 koloko ndi 1 koloko. Pofika 10 koloko phalalo lakhala lofunda kwa maola oposa anayi. Mwana amatsegula m'mimba kawirikawiri, ndipo mzere wa pa khadi la kusikelo wasiya kukwera.

Zinthu zingasinthe popanda kugula china chilichonse. Madzulo mayi ayezeretu ufa ndi nsinjiro za chakudya chilichonse m'tizitini tiwiri touma, totsekeka. M'mawa ayatse moto ndi kuika kapoto, ndipo pamene phala likubwata ayamwitse mwana. Likapsa alimwaze m'mbale yachitsulo pabeseni la madzi. Kuyambira pamene madzi awira mpaka pamene mwana walandira supuni yoyamba pamapita mphindi pafupifupi 25. Ngati nthawi yathina, agogo ndiwo adyetse. Pa 10 koloko mwana alandire chakudya chosafuna moto, monga nthochi yakupsa kapena peyala, chosendedwa ndi kunyenyedwa nthawi yomweyo. Masana agogo aphike kachitini kachiwiri kaja pamoto womwewo wa nsima ya banja. Mayi akabwera asambe, asinthe zovala, ayamwitse. Madzulo mwana adye dzungu kapena mbatata yonyenya ndi nsinjiro, kapena nsima yofewa ndi ndiwo zimene zapatulidwa mchere usanathiridwe.

Ngati palibe wophika masana, fulasiki ya chakudya ingathandize. Iyambe yatenthetsedwa ndi madzi owira, phala lilowemo likubwata, ndipo itsegulidwe kamodzi kokha, pa nthawi ya kudya. Potsegula phala likhale likufuka nthunzi ndi lotentha moti silingadyeke osaziziritsa. Mukalipeza lofunda chabe, fulasikiyo sinasunge moto, ndipo phalalo lisaperekedwe kwa mwana.

Mwana akapsa kapena akatsamwa

Mwana amene wapsa m'kamwa amalira mwadzidzidzi atalandira supuni, amakana kudya kapena kuyamwa, ndipo amatuluka dovu lambiri. Chotsani phala limene lili m'kamwa ndi pamilomo, mupatseni madzi oyera ozizira pang'onopang'ono, kenaka bere. Ngati phala latayikira pakhungu, lichotseni ndipo muthire madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20, uku thupi lonse la mwana mwalifunditsa kuti asazizidwe. Musapake mafuta, mankhwala otsukira mano, dzira, phulusa kapena dothi, ndipo musaphulitse matuza. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati pali matuza, ngati wapsa kumaso, m'manja kapena kumaliseche, kapena ngati akukana kuyamwa. Ngati mawu ake asasa kapena akupuma movutikira, thamangani naye nthawi yomweyo, chifukwa kukhosi kungakhale kukutupa.

Mwana wophunzira kudya timibulu nthawi zina amachita ngati akufuna kusanza, amatsokomola, nkhope n'kufiira, koma mawu akumveka. Ameneyo akudzithandiza yekha: mukhazikeni tsonga ndipo musalowetse chala m'kamwa mwake. Mwana wotsamwa zenizeni satulutsa mawu, salira, ndipo milomo imayamba kuda. Mugonekeni chafufumimba pamkono wanu, mutu uli chakumunsi, mutachirikiza chibwano chake, ndipo mumumenye kasanu pamsana pakati pa mapewa ndi chidendene cha dzanja. Ngati chinthucho sichinatuluke, mutembenuzeni chagada ndi kudinikiza kasanu pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri. Bwerezani zimenezi uku wina akuitana thandizo.

Ngati mwana akutsegula m'mimba, pitirizani kumuyamwitsa ndi kumudyetsa phala lolimbirako lomwelo, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo mumupatse madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi a kuchipatala. Pitani naye kuchipatala chapafupi ngati muli magazi m'chimbudzi, akusanza chilichonse, maso alowa m'kati, liwombo lalowa, kapena wafooka moti sakutha kuyamwa. Odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha ku Banket kapena ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Chinhoyi. Mukapita kusikelo mwezi uno, funsani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akuonetseni mmene mzere wa kulemera kwa mwana ukuyendera pa khadi, ndipo mumufotokozere mmene phala lanu limagwera pa supuni.